Loweruka Detabesi Itsekedwa: Kakalata Kamene Ambiri Sakawerenga

Pa makalata onse oyenda m'maofesi, palibe konyozeka ngati kakalata kochokera kwa mkulu woona za makompyuta. Kamafika pa imelo kapena pa gulu la WhatsApp la kuntchito, anthu n'kukaponyera diso limodzi, n'kupitiriza zawo. Tsiku likakwana kompyuta n'kukana, ndiye mumve mfuu m'khonde: "Netiweki yathawanso!" Chonsecho netiweki ili bwinobwino. Chatsekedwa ndi detabesi, ndipo eni ake ananeneratu.

Tiyerekeze bungwe la SACCO, losunga ndi kubwereketsa ndalama, lokhala ndi likulu ndi nthambi zitatu. Bungweli ndi longoyerekeza, koma ntchito imene tilongosole pano ndi mmene imayendera ndithu. Lachiwiri m'mawa ogwira ntchito onse alandira uthenga uwu:

"Kwa ogwira ntchito nonse. Loweruka likubwerali, kuyambira 1 koloko masana mpaka 7 koloko madzulo, detabesi ya mamembala idzatsekedwa kuti tiikemo pulogalamu yatsopano. Nthawi imeneyi simudzatha kulandira ndalama, kupereka ngongole kapena kuona mabalansi pa kompyuta, ndipo mamembala sadzatha kulipira pa foni. Imelo ndi intaneti zidzagwira ntchito. Malizani ndi kusunga ntchito yanu, mutuluke mu sisitimu isanakwane 12:45. Wobwera ndi ndalama mumulembere risiti ya m'buku, koma musailowetse mpaka titakuuzani. Tikamaliza tidzatumiza uthenga. Musayese kulowa musanaulandire. Lolemba m'mawa sisitimu ikhoza kuchedwerako. Mukaona balansi yolakwika, imbani ku ofesi yathu nthawi yomweyo."

Kalatayi ndi yaifupi, koma palibe chiganizo chimene changoikidwa kuti chidzaze pepala.

Choyamba tigwirizane pa chimene chikutsekedwacho. Kompyuta ya pa kauntala, imene kashiya amalembapo, sisunga ndalama za membala aliyense. Imangofunsa ndi kutumiza. Mayina onse, masheya, ngongole ndi malipiro a zaka zonse zili pa kompyuta imodzi yaikulu, seva, imene ili m'kachipinda kozizira ku likulu kapena kwa kampani yosungitsako. Pulogalamu imene imasunga ndi kuyang'anira zolembedwazo pa sevapo ndiyo detabesi. Zodziwika kwambiri ndi PostgreSQL, MySQL, Oracle ndi Microsoft SQL Server. Makashiya a nthambi zonse zitatu, akauntanti, woona za ngongole komanso foni ya membala amene ali kumudzi, onsewo amalemba m'malo amodzimodziwo. N'chifukwa chake detabesi ikaima, ofesi yonse imaima, ngakhale kompyuta iliyonse ikuyaka ndipo intaneti ikuthamanga.

Nanga chinthu choti chikugwira ntchito, achigwiriranji? Funsoli limamveka kawirikawiri, makamaka kwa mabwana. Yankho lake ndi loti mapulogalamuwa ali ndi zaka zake. Opanga PostgreSQL amatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse, ndipo mtundu uliwonse amausamalira zaka zisanu zokha. Mtundu wa 13 unatuluka mu 2020, ndipo chisamaliro chake chinalekezera mu Novembala 2025. Kuyambira pamenepo, mpata wolowera akuba ukapezeka mu mtundu umenewo, palibenso wautseka. SACCO yathuyi ikusamuka kuchoka pa 13 kupita pa 17, ndipo kusamuka kotereku sikutheka detabesi ikuyenda. Wachigayo sasintha sefa injini ikulira; amazimitsa kaye, amayi n'kudikira panja ndi matumba awo. Mabanki akuluakulu amakhala ndi maseva awiri kapena kuposa, ina n'kumagwira ntchito pamene inzake ikukonzedwa, kotero amangotseka mphindi zochepa. Bungwe la seva imodzi lilibe mwayi umenewo.

Tsopano nkhani ya 12:45, imene ambiri amaiona ngati kuvuta chabe kwa a makompyuta. Membala akafuna kuti K50,000 ichoke ku ndalama zake zosunga ipite kukabweza ngongole, detabesi imachita zinthu ziwiri: kuchotsa uku ndi kuwonjezera uko. Lamulo lake ndi loti zichitike zonse ziwiri, apo ayi pasachitike chilichonse. Seva ikazimitsidwa itangochotsa isanawonjezere, detabesi imafufuta theka lachitikalo, ndalama n'kubwerera pomwe zinali. Ndalama sizisowa, koma vuto limatsalira kashiya. Iye wadina `Save`, kompyuta yangozungulira, kenako yalemba `Connection refused` kapena `503 Service Unavailable`. Zalowa kapena sizinalowe? Sakudziwa. Akaganiza kuti zalowa, membala apita kwawo ngongole yake isanatsike. Akaganiza kuti sizinalowe pamene zinalowa uthenga wotsimikiza usanamufike, Lolemba adzalowetsanso, K50,000 n'kuchoka kawiri. Ndipo fomu ya ngongole imene wina waidzaza masamba atatu osaisunga, n'kupita kukadya nkhomaliro, ija ndiye sinafike n'komwe ku seva. Yapita basi.

Mkulu wa makompyuta satsata anthu m'maofesi kuti aone amene sanatuluke. Amafunsa detabesi yomweyo:

```
SELECT usename, state FROM pg_stat_activity;
```

Pamatuluka mndandanda wa onse olumikizidwa. Mzere umene walembedwa `idle in transaction` ndiye kuti pali ntchito inayambika n'kusiyidwa panjira. Mkulu wachifundo amaimba foni kunthambi: "Achimwene, mwasiya chotsegula kumeneko, malizani kapena tsekani." Ikakwana 1:15 amangodula. Mphindi khumi ndi zisanu za mu kalata zija ndi za ntchito imeneyi.

Chodabwitsa anthu ambiri n'choti pa maola asanu ndi limodzi olengezedwawo, kuika pulogalamu yatsopano kumangotenga ola limodzi. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Detabesi ya SACCO yathu tinene kuti ndi ya magigabaiti 180. Ikangozimitsidwa, ntchito yoyamba ndi kukopera zonse pa kompyuta ina, bakapu imene a makompyuta amainena ija. Waya wabwino wa mu ofesi umadutsitsa pafupifupi mamegabaiti 100 pa sekondi, ndiye magigabaiti 180 amatenga masekondi 1,800, theka la ola. Yakwana 1:45. Wina anganene kuti bakapu imatheka anthu akugwira ntchito, ndipo akunena zoona. Ya usiku uliwonse imatengedwa chomwecho. Koma bakapu ya tsiku lino ndi yobwererapo zikavuta. Chilichonse cholembedwa bakapu itatengedwa kale chidzafufutika pobwererapo. Kashiya akalandira K200,000 nthawi ya 2 koloko, zinthu n'kusokonekera 4 koloko, K200,000 ija sidzaoneka paliponse kupatula pa risiti ya membala. N'chifukwa chakenso njira yolipirira pa Airtel Money kapena Mpamba imatsekedwa limodzi: ndalama zisachoke m'foni ya membala pamene kolandirira kwatsekedwa.

Kuyambira 1:45 mpaka 2:30 ndi nthawi yoyesa bakapu ija. Amaidzutsa pa kompyuta inayo, n'kuwerenga mamembala onse, kuwonkhetsa ndalama zonse zosungidwa ndi ngongole zonse, n'kulemba manambalawo pa pepala. Pano m'pamene wothamangira kumpira amadumpha, ndipo m'pamene pagona tsoka. Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab, imene imasungira anthu opanga mapulogalamu ntchito zawo, anafufuta mwangozi detabesi yeniyeni akuyesa kuti akufufuta inzake yothandizira. Panapita magigabaiti pafupifupi 300. Atathamangira ku bakapu anapeza mulibe kanthu. Chida chotengera bakapu, `pg_dump`, chinali cha mtundu wa 9.2 pamene detabesi inali ya 9.6, ndiye chinkangolephera mwakachetechete, ndipo maimelo ochenjeza za kulepherako sankafika kwa munthu. Anapulumukira pa kope lina limene linatengedwa maola asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike, ndipo zimene anthu analemba m'maola amenewo zinatayika. Ameneŵa anali akatswiri enieni. Bakapu imene sinadzutsidwepo n'kuyesedwa, mkulu wa makompyuta wodziwa ntchito saiwerengera.

Ikakwana 2:30 ntchito yeniyeni iyamba. Chida chosamutsira ndi `pg_upgrade`, ndipo choyamba amachiyendetsa ndi `--check`, kuti chingoona ngati zonse zikugwirizana osasintha kanthu. Seva ya SACCO yathu ilibe malo osungira makope awiri a magigabaiti 180, choncho agwiritsa ntchito `--link`, njira yachangu imene detabesi yatsopano imangotenga mafayilo a yakale. Changucho chili ndi mtengo wake: yatsopano ikangodzutsidwa, yakale siingadalirikenso. Pobwerera pokha ndi pa bakapu yoyesedwa ija.

Kuyambira 3:30 mpaka 4:30 ndi kuyesa. Manambala a pa pepala aja ayenera kufanana ndendende ndi a mu detabesi yatsopano, osasiyana ngakhale tambala imodzi. Kenako pamafunika munthu wodziwa ntchito ya pa kauntala, osati wa makompyuta yekha. Kashiya mmodzi ndi akauntanti amapemphedwa kutsalira: alowe, afufuze membala, asindikize sitetimenti, atulutse lipoti la tsiku. Wa makompyuta amatha kuona kuti detabesi ikuyankha, koma kuti chiwongoladzanja cha ngongole chawerengedwa molakwika amazindikira ndi akauntanti.

Nthawi yofunika kuposa zonse ndi 4:30, ngakhale mu kalata mulibe. Pamenepa amagamula: tipitirire kapena tibwerere. Kubwerera kumafuna kukoperanso magigabaiti 180 aja, kudzutsa mtundu wakale, kulumikizanso nthambi ndi kuyesanso, zimene zingadye maola awiri. Yakwana 6:30, ndipo theka la ola lotsalalo ndi la zadzidzidzi. Ndiye mukalandira uthenga 5 koloko woti sisitimu yabwerera, musanene kuti mkuluyo anakokomeza. Maola awiri a kumapetowo anali oti asawagwiritse ntchito. Ine mkulu amene ndimamukayikira ndi wolengeza ola limodzi pa ntchito ya ola limodzi, chifukwa ameneyo sanaganizepo zoti angalephere.

Kupitirira pamene zinthu sizinakhwime kuli ndi chitsanzo chake chotchuka. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain inalengeza kuti itseka zina mwa ntchito zake kumapeto kwa sabata kuti isamutsire makasitomala ku sisitimu yatsopano. Itatsegula, anthu ambirimbiri analephera kulowa m'maakaunti awo, ena n'kumaona za m'maakaunti a eni, ndipo mavutowo anatenga masabata. Mu Disembala 2022 oyang'anira mabanki m'dzikolo anailipiritsa chindapusa cha mapaundi oposa 48 miliyoni. Chidziwitso chinaperekedwa bwinobwino. Chimene chinaperewera ndi kukonzekera ndi kuyesa.

Mawu oti "musayese kulowa musanalandire uthenga" ali ndi chifukwa chomwecho. Pakati pa 3:30 ndi 4:30 detabesi imakhala yodzuka, ndipo khomo likapanda kutsekedwa bwino, wakunthambi akhoza kulowa. Iye n'kusangalala kuti yabwerera msanga, n'kuyamba kulowetsa malisiti a m'buku. Akagamula zobwerera, ntchito yake yonse ifufutika, koma m'buku wachonga kale kuti zalowa. Cholakwika choterechi chimaonekera patapita masabata, membala atabwera ndi risiti m'manja, nkhope ili gwaa.

Za tsiku ndi ola, mkulu wa makompyuta sasankha yekha. Amafunsa akauntanti, chifukwa kumapeto kwa mwezi, pamene ndalama zodulidwa ku malipiro zikulowa, si nthawi yogwira detabesi. Loweruka masana n'kwabwino popeza Lamulungu lonse limatsala ngati zinthu zavuta. Kuno kwathu palinso nkhani ya magetsi. Magetsi kuzima kusamutsa kuli pakati ndiye ngozi yeniyeni, choncho amaona ndondomeko ya ESCOM ya tsikulo, amayesa mabatire a seva, ndipo amaonetsetsa kuti mu jenereta muli dizilo, osangomva za m'kamwa mwa mlonda. Mabungwe amene detabesi yawo ili kunja kwa dziko amalandira zidziwitso zolembedwa pa nthawi ya UTC. Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri, kotero 22:00 UTC Loweruka ndi 12 koloko usiku kuno, kulowa Lamulungu. Mkulu wosamala amasintha yekha nthawiyo asanatumize kwa anzake.

Lolemba likafika, kuchedwa kumene kalata inanena kuli ndi magwero ake. Seva imene yakhala ikuyenda miyezi imasunga zofunsidwa pafupipafupi m'chikumbumtima chake chachangu. Ikazimitsidwa zonsezo zimachoka, ndiye m'mawa woyamba chilichonse imakachitenga pa disiki, nthawi yomwe nthambi zonse zikulowetsa malisiti a Loweruka. Kuchedwa kumeneku kumatha kokha ntchito ikamayenda. Koma pali kwina kosatha kokha. Detabesi imasunga kawerengedwe koithandiza kusankha njira yachidule yopezera chinthu, ndipo posamukira ku mtundu wa 17 kawerengedweko sikasamuka nawo. Kayenera kupangidwanso:

```
vacuumdb --all --analyze-in-stages
```

Lamuloli likaiwalika, lipoti limene linkatuluka m'masekondi asanu likhoza kudya mphindi zambirimbiri. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati zonse zikuchedwa pang'ono m'mawa koma pofika masana zapepuka, palibe chodandaulitsa. Ngati zina zikuthamanga koma lipoti limodzi kapena awiri akungozungulira mpaka madzulo, imbani foni. Ndipo poimba musangoti "sisitimu ikuvuta", chifukwa mawu amenewo sathandiza aliyense. Nenani chimene mumachita, nthawi yake, ndi mawu enieni amene atuluka pa kompyuta. Kuwajambula ndi foni n'kwabwino koposa, bola pachithunzipo pasaoneke za membala.

Malisiti a m'buku nawo ali ndi mwambo wake. Alowetsedwe ndi munthu mmodzi pa nthambi, motsata manambala, ndipo iliyonse ichongedwe ikangolowa. Ndisanalowetse ya ntchito imene inali pakati nthawi yotseka, ndikanakhala kashiya, ndikanayamba ndatsegula sitetimenti ya membalayo kuona ngati sinalowe kale.

Si kalata iliyonse yochokera ku ofesi ya makompyuta imene ili yabwino, ndipo apa a makompyuta nawo amve. Ena amalemba za mitundu ya mapulogalamu ndi mayina a maseva mizere khumi, koma osanena ngati kashiya adzatha kulandira ndalama. Ena amangoti "sisitimu idzavutako kumapeto kwa sabata", osatchula ola loyambira kapena lomalizira. Ena amatumiza Lachisanu 4 koloko madzulo, woyang'anira nthambi atauza kale mamembala kuti abwere mawa kudzatenga ngongole. Wogwira ntchito safuna kudziwa nambala ya mtundu wa PostgreSQL. Akufuna kudziwa liti, chimene chiime ndi chimene chitsale, chimene achite isanakwane nthawi, ndi amene amuuze kuti zatha. Kalata ya SACCO yathu ija yatchula kuti imelo idzagwira ntchito. Kachiganizo kameneko kokha kamachepetsa mafoni ambiri. Ndipo nthawi ikapitirira, 7 koloko n'kukwana ntchito isanathe, mkuluyo ayenera kutumiza uthenga wina wonena ola latsopano. Kukhala chete ndi kumene kumachititsa kuti ulendo wotsatira anthu asamukhulupirire.

Pali chenjezo limodzi lotsiriza, pakuti akuba nawo anaphunzira kalembedwe ka makalata amenewa. Amatumiza imelo yooneka ngati yochokera ku ofesi ya makompyuta, yonena kuti chifukwa cha kukonza detabesi aliyense adine apa n'kulemba pasiwedi yake, apo ayi akaunti yake itsekedwa. Kukonza detabesi sikufuna pasiwedi ya wogwira ntchito aliyense. Mkulu wa makompyuta ali ndi makiyi akeake olowera ku seva. Mukalandira chidziwitso chopempha pasiwedi, musadine chilichonse. Imbirani mkulu wa makompyuta pa nambala imene mukuidziwa kale, mumufunse ngati kalatayo ndi yake.